Mmene mungawerengetsere mphamvu pa boyila ndi tabaini ya nthunzi mpaka manambala agwirizane

Lamulo loyamba la temodayinamiki pakamwa ndi lophweka, limangoti mphamvu siyipangidwa ndipo siyitha, imangosintha maonekedwe, yomwe yalowa iyenera kutuluka kapena kutsalira mkati. Koma ukakhala ndi boyila yeniyeni kapena funso la mayeso lokhala ndi manambala ambirimbiri mpamene umaona kuti kudziwa lamulolo ndi kwina, kuligwiritsa ntchito ndi kwinanso. Ndiye pano titenge makina amodzi basi, tiyende nawo kuyambira pa pampu, boyila, tabaini mpaka pa kondensa, chida chosandutsa nthunzi kukhalanso madzi, tione komwe kilowati iliyonse yapita. Manambala a makinawo ndangosankha ngati chitsanzo, koma a entalipi ndi ochokera m'matebulo a nthunzi enieni, mukatsegula anu mwina mupeza kusiyana kwa 1 kapena kuchepera apo kutengera buku, zimenezo musade nazo nkhawa.

Makina ake ndi awa. Boyila ikutulutsa nthunzi 18 tani pa ola, pa puresha ya 4 MPa ndi kutentha kwa 400 °C. Nthunziyo ikulowa mu tabaini, ikutulukira mu kondensa yomwe ili pa 10 kPa, madzi akubwerera ku boyila kudzera pa pampu. Jenereta ikuonetsa 4,000 kW. Malasha akupsa 2,592 kg pa ola. Makina enieni amakhala ndi zotenthetsera madzi pakati pa kondensa ndi boyila, ine ndazichotsa dala kuti njira ioneke bwino, mukazibwezera ndi kungowonjezera zipata, lamulo silisintha.

Yambani ndi kujambula mpanda, kalikuleta ibwere pambuyo

Pa pepala jambulani bokosi kuzungulira chida chimodzi chomwe mukufuna kuwerengetsera, kenako lembani muvi pa chilichonse chodutsa mpandawo, kaya ndi paipi ya madzi, paipi ya nthunzi, kutentha, kaya shafiti. Zomwe zikuchitika mkati mwa mpanda sizikukukhudzani, inu muli ngati mlonda wa pageti, mukungolemba zolowa ndi zotuluka. Anthu ambiri amalakwira pompano, amayamba kuchulukitsa manambala asanagwirizane ndi mutu wawo kuti mpanda wadutsa pati, ndiye mumapeza munthu akuyerekeza mphamvu ya malasha ndi mphamvu yomwe madzi alandira ngati ndi chinthu chimodzi pomwe pakati pake pali chumuni chonse.

Makina akakhazikika, kutanthauza kuti puresha siyikukwera kapena kutsika, madzi mu dilamu, thanki ya boyila momwe madzi ndi nthunzi zimasiyanirana, ali pa mlingo umodzimodzi ndipo jenereta siyikusinthasintha, palibe mphamvu ikuunjikana mkati, ndiye lamulo limakhala chonchi:

```
Q - W = m × [(h2 - h1) + (V2² - V1²)/2000 + g(z2 - z1)/1000]
```

Apa Q ndi kutentha kolowa, W ndi ntchito yotuluka, zonse mu kW, m ndi makilo odutsa pa sekondi, h ndi entalipi mu kJ/kg, V ndi liwiro, z ndi kutalika kwa pamalopo, g ndi kukoka kwa dziko, 1 ndi polowa ndipo 2 ndi potuluka. Entalipi muyione ngati katundu yemwe kilo iliyonse ya madzi kapena nthunzi yasenza podutsa pageti, mwaphatikizidwa kale mphamvu ya mkati mwake ndi ntchito yoyikankha kuti ilowe mu paipi, nchifukwa chake pa zinthu zoyenda timagwiritsa h osati u, yomwe ndi mphamvu ya mkati yokha.

Zigawo ziwiri zomalizazo, liwiro ndi kutalika, musangozitaya chifukwa buku linazitaya, ziyeseni kamodzi muone nokha. Nthunzi yothamanga 50 m/s mu paipi imapereka 2,500 kugawa ndi 2,000, ndi 1.25 kJ/kg basi. Kukwera mamita 10 ndi pafupifupi 0.1 kJ/kg. Pomwe mu boyila tikamba za 3,000 kJ/kg. Ndiye zitayeni ndi mtima umodzi. Malo okhawo oti muchenjere ndi potulukira tabaini pomwe nthunzi yafufuma kwambiri ndipo imathamanga, ikafika 150 m/s ndi 11 kJ/kg, imeneyo pa ntchito ya 840 kJ/kg ndi yoposa 1 peresenti, yayamba kuoneka.

Konzani mayuniti ndi puresha musanatsegule tebulo

18 tani pa ola ndi 18,000 kg kugawa ndi masekondi 3,600, ndi 5 kg/s. Malasha 2,592 kugawa ndi 3,600 ndi 0.72 kg/s. Mukachita zimenezi koyambirira, kg/s kuchulukitsa ndi kJ/kg imakupatsani kW mwachindunji, palibenso zovutikira.

Nkhani ya puresha ndiye imagwetsa anthu. Matebulo a nthunzi amafuna puresha ya abusoluti, pomwe geji ya pa boyila imayambira pa ziro ikakhala pa mpweya wamba. Geji ikamati 39 bar ndiye kuti ya abusoluti ndi pafupifupi 40 bar, yomwe ndi 4 MPa yathu ija. Ku boyila mukaiwala kuwonjezera 1 bar imeneyi cholakwa chake nchochepa, entalipi imasuntha pang'ono chabe. Koma ku kondensa ndi nkhani ina, kumeneko geji imaonetsa nambala ya mayinasi, mwachitsanzo -0.91 bar, ndipo mumayichotsera pa puresha ya mpweya ya pamalopo kuti mutsale ndi pafupifupi 0.10 bar. Puresha ya mpweya imatsika malo akakhala okwera, ndiye musangoganiza kuti ndi 1.013 bar paliponse, yang'anani baromita. Mukaphonya ndi 0.1 bar yokha mwachoka pa 10 kPa kufika pa 20 kPa, ndipo madzi omwe amawira pa 45.8 °C tsopano akuwira pa 60 °C, mwalowa mzere wina wa tebulo.

Pezani entalipi pa geti lililonse

Musanawerenge h, dzifunseni kaye kuti pamalo pano pali madzi, nthunzi yonyowa kapena nthunzi youma yotenthetsedwa kupitirira powirira. Njira yake ndi kuyerekeza kutentha komwe mwayeza ndi kutentha kowirira pa puresha imeneyo. Pa 4 MPa madzi amawira pa 250.4 °C, ife tili pa 400 °C, ndiye tapitirira, nthunzi yadutsa mu supahita, tipite ku tebulo la nthunzi yotenthetsedwa ndipo timapeza 3,214.5 kJ/kg.

Madzi otuluka pansi pa kondensa ali pa 10 kPa ndi 45.8 °C, ndi madzi omwe angosungunuka kumene kuchoka ku nthunzi, tebulo pa mzere wa hf, entalipi ya madzi omwe ali powirira, likuti 191.8 kJ/kg. Pampu imawakankha kufika pa 4,000 kPa, ndipo poti madzi safinyika kwenikweni, ntchito yake ndi voliyumu ya kilo imodzi kuchulukitsa ndi kusiyana kwa puresha:

```
w_pampu = 0.00101 × (4000 - 10) = 4.0 kJ/kg
h_yolowa_boyila = 191.8 + 4.0 = 195.8 kJ/kg
W_pampu = 5 × 4.0 = 20 kW
```

Pampu yeniyeni imadya zoposa apa chifukwa ili ndi zotayika zake ndipo iyenera kukankha kuposa puresha ya boyila kuti madzi alowe, koma ngakhale mutachulukitsa kawiri ikadali kanthu kakang'ono. Potulukira tabaini tisiye kaye, pamenepo pali msampha tikambirana bwino.

Boyila ili ndi mipanda iwiri

Mpanda woyamba uzungulire madzi ndi nthunzi zokha, moto ukhale kunja. Palibe shafiti yodutsa, ndiye W ndi ziro:

```
Q_boyila = 5 × (3214.5 - 195.8) = 15094 kW
```

Mpanda wachiwiri uzungulire boyila yonse ndi ng'anjo yomwe, apa zolowa ndi malasha, mpweya ndi madzi, zotuluka ndi nthunzi, utsi, phulusa ndi kutentha kothawira m'makoma. Tinene kuti malashawo atayezedwa ku labu apezeka kuti ali ndi 25,000 kJ/kg, ndiye 0.72 kuchulukitsa ndi 25,000 ndi 18,000 kW. Madzi alandira 15,094 mwa 18,000, ndi 83.9 peresenti, ndipo 2,906 kW sinafike ku nthunzi.

Koma pa pepala la ku labu paja muyang'anitsitse ngati alemba LHV kapena HHV. HHV imawerengera ndi kutentha komwe mukanapeza nthunzi ya mu utsi ikanasungunuka kubwerera kukhala madzi, LHV siyiwerengera, ndiye HHV imakhala yayikulu nthawi zonse ndipo boyila yomweyo imaoneka ngati yotaya kwambiri mukagwiritsa iyo. Zonse nzolondola bola munene yomwe mwagwiritsa, vuto limabwera anthu awiri akamatsutsana za maperesenti wina ali ndi iyi wina ili. Chitsanzo chathu chili pa LHV. Komanso malasha akanyowa ndi mvula kilo imodzi ilibenso 25,000 ija chifukwa gawo lina la kulemerako ndi madzi.

Tsopano 2,906 kW ija musangolemba kuti zotayika nkupitirira, ifufuzeni, mpamene lamuloli limayamba kukuuzani zinthu. Yayikulu imakhala ya chumuni. Tinene kuti utsi ukutuluka 9 kg/s pa 200 °C pomwe mpweya unalowa pa 30 °C, ndipo utsi umafuna pafupifupi 1.05 kJ kuti kilo imodzi ikwere ndi digiri imodzi:

```
Q_utsi = 9 × 1.05 × (200 - 30) = 1607 kW
```

Imeneyo ndi pafupifupi 9 peresenti ya malasha onse ikungowotha mlengalenga. Mukayang'ana fomulayo muona kuti pali njira ziwiri zokha zoti ikule, utsi uchuluke kapena utenthe kwambiri. Utsi umachuluka mukapereka mpweya wopitirira muyeso, ndipo mumadziwira pa okisijeni wa mu chumuni yemwe amakwera. Umatentha kwambiri mapaipi akakutidwa ndi mwaye kunja kapena zokanirira za mchere mkati, chizindikiro chake nkuti kutentha kwa chumuni kumakwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata pomwe nthunzi ikutuluka yomweyo.

Palinso geti lina lomwe limaiwalika, la bulodauni, kutaya madzi ena a mu dilamu kuti mchere usaunjikane. Madziwo amatuluka ali owira pa 4 MPa, hf yake ndi 1,087.4 kJ/kg. Mukamataya 3 peresenti ya nthunzi, ndi 0.15 kg/s, ndiye 1,087.4 kuchotsa 195.8, kenako kuchulukitsa ndi 0.15, imapereka pafupifupi 134 kW. Siyambiri koma ili ndi phunziro lake, madzi olowa mu boyila sakhalanso 5 kg/s, akhala 5.15, ndiye ngati munatenga m pa mita ya madzi nkuchulukitsa yonse ndi entalipi ya nthunzi mwaipatsa boyila ulemu womwe ilibe. Mukachotsa utsi ndi bulodauni patsala 1,165 kW, imeneyo ili m'malasha osapsa omwe apita ndi phulusa, m'phulusa lotentha, ndi m'makoma. Phulusa likamatuluka lakuda bii lili ndi timakala mkati, gawo lalikulu la nambalayi lili mmenemo.

Tabaini, ndi msampha wa nthunzi yonyowa

Mpanda uzungulire tabaini. Imakhala yokutidwa bwino ndipo nthunzi imadutsa mwamsanga, ndiye Q timaitenga ngati ziro, kutsala:

```
W_tabaini = m × (h_yolowa - h_yotuluka)
```

Yolowa tili nayo, 3,214.5, bola ngati mwayeza pakhomo pa tabaini penipeni, chifukwa paipi yayitali yochokera ku boyila imataya kutentha. Valavu yochepetsa nthunzi isakusokonezeni, imatsitsa puresha koma entalipi imakhala yomweyo poti palibe ntchito kapena kutentha kodutsa mpanda wake.

Yotuluka ndi yomwe imavuta. Mumapita pa mageji, puresha 10 kPa, kutentha 45.8 °C, mumati basi ndili ndi manambala awiri ndipeza h. Ayi. 45.8 °C ndi kutentha kowirira pa 10 kPa, ndiye manambala awiriwo akukuuzani chinthu chimodzi chomwecho. Kaya mu paipimo muli madzi okhaokha, kaya nthunzi youma, kaya zosakanikirana theka ndi theka, mageji onse awiri aonetsa zomwezomwezo, pomwe entalipi ikhoza kukhala paliponse pakati pa 191.8 ndi 2,583.9. Ine nthawi yoyamba ndinangotenga hg, entalipi ya nthunzi youma, 2,583.9 ija, poganiza kuti nthunzi ndi nthunzi basi, ndipo onani zomwe zimatuluka: 3,214.5 kuchotsa 2,583.9, kenako kuchulukitsa ndi 5, ndi 3,153 kW. Jenereta ikuonetsa 4,000. Ndiye kuti magetsi akutuluka ambiri kuposa mphamvu yomwe nthunzi yasiya, zosatheka, ndipo ukapeza zotere usakayikire lamulo, kayikira mzere womwe wawerenga.

Njira yake ndi kuyenda chobwerera, kuyambira ku jenereta. Pakati pa nthunzi ndi mawaya pali maberingi, giyabokosi ngati ilipo, ndi jenereta yomwe, zonse zimadyapo. Tinene kuti zonse pamodzi zimadutsitsa 95 peresenti, nambala yeniyeni muitenge pa mapepala a opanga makinawo:

```
W_tabaini = 4000 / 0.95 = 4211 kW
w = 4211 / 5 = 842.1 kJ/kg
h_yotuluka = 3214.5 - 842.1 = 2372.4 kJ/kg
x = (2372.4 - 191.8) / 2392.1 = 0.912
```

2,392.1 imeneyo ndi hfg pa 10 kPa, mphamvu yosandutsa kilo imodzi ya madzi kukhala nthunzi. x ikutiuza kuti pa kilo iliyonse yotuluka, magalamu 912 ndi nthunzi ndipo 88 ndi timadontho ta madzi. Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera, timadonthoto timamenya mabuledi omaliza pa liwiro lalikulu nkumawadya m'mphepete, nchifukwa chake x ikatsika kuchepera cha m'ma 0.88 mpaka 0.90 anthu amayamba kudandaula. Ndipo x ili ndi malire ake okuthandizani kugwira cholakwa, ikatuluka yoposa 1 ndiye kuti nthunziyo siyonyowa, ndipo temomita ikanaonetsa kuposa 45.8 °C, ngati siyikutero pali nambala yabodza penapake.

Lamulo loyamba limathera pomwepa, limawerengera zomwe zachitika koma silingakuuzeni kuti tabaini yabwino koposa ikanatulutsa zingati. Funso limenelo ndi la entiropi, nambala ina ya m'matebulo omwewo yomwe siisintha mu tabaini yopanda zotayika zilizonse. Mongodutsa, entiropi yolowa ndi 6.7714 kJ/kg·K, ikanakhala yosasintha mpaka pa 10 kPa x ikanakhala 0.816 ndipo h 2,144.6, ntchito 1,070 kJ/kg, ndiye 842 yathu ndi pafupifupi 79 peresenti ya imeneyo. Phindu lake pano ndi loti muli ndi denga, h yotuluka mukaipeza yochepera 2,144.6 lamulo loyamba silidandaula koma makina otero kulibe.

Kondensa, kenako tsekani bwalo lonse

```
Q_kondensa = 5 × (2372.4 - 191.8) = 10903 kW
zolowa   = 15094 + 20    = 15114 kW
zotuluka = 4211 + 10903  = 15114 kW
```

Anthu amadabwa apa, pa 18,000 kW ya malasha, chumuni chomwe aliyense amachiloza chatenga 1,607 yokha pomwe kondensa yatenga 10,903, magetsi ndi 4,000, ndi 22 peresenti. Sikuti kondensa yawonongeka, kutentha kumeneko kuli pa 45.8 °C chabe, kulibenso mphamvu yokankha kanthu, koma nthunzi iyenera kusanduka madzi kuti pampu ithe kuibweza ndi 20 kW yokha.

Koma kugwirizana kwa 15,114 mbali zonse kusakusangalatseni kwambiri. Tagwiritsa 2,372.4 yomweyo pa tabaini ndi pa kondensa, ndiye zinayenera kugwirizana ngakhale nambalayo ikanakhala yolakwika, zangotsimikiza kuti simunaphonye pophatikiza basi. Umboni weniweni uyenera kuchokera kwa mboni ina yomwe sinamve nkhaniyi, ndipo mboniyo ndi madzi oziziritsa kondensa. Yezani makilo ake pa sekondi ndi kutentha polowa ndi potuluka. Ngati akukwera ndi 10 °C, kuti anyamule 10,903 kW payenera kudutsa 10,903 kugawa ndi 41.8, pafupifupi 261 kg/s, poti madzi amafuna 4.18 kJ pa kilo pa digiri. Mita ikaonetsa pafupi ndi pamenepo, ndiye kuti m ya nthunzi, 95 peresenti ija ndi x zonse zikugwirizana zoonadi.

Mboni imeneyi nayo ili ndi maso ofooka. Kusiyana kwa kutentha ndi 10 °C yokha, ndiye matemomita awiriwo akasiyana ndi 0.5 °C mwaphonya ndi 5 peresenti, ndi 545 kW, ndipo mukaibweza ku tabaini 545 pa 4,211 ndi pafupifupi 13 peresenti. Nchifukwa chake ine sindiwerengera ntchito ya tabaini kuchokera ku madzi oziziritsa, ndimayambira ku mita ya magetsi yomwe kawirikawiri ndi yodalirika kuposa zonse pamakinapo, madziwo nkumangotsimikizira. Musanayeze, ikani matemomita onse awiri mu ndowa imodzi ya madzi muone ngati akunena zofanana, kusiyana komwe mwapeza mukuchotsere pa zomwe muyeze.

Zikakana kugwirizana ndi mtunda wautali, yambani ndi mita ya nthunzi. Zambiri mwa izo zimayeza kutsika kwa puresha pa kabowo ndipo zinakonzedwera puresha ndi kutentha kwina kwake, boyila ikamayenda pa puresha yosiyana ndi imeneyo mita yopanda chokonzera imanama. Iyerekezeni ndi mita ya madzi olowa kwa ola lathunthu, bulodauni mutatseka, osapemerera mwaye ndi nthunzi, ndipo madzi mu dilamu akhale pa mzere womwewo poyamba ndi pomaliza. Ngati pali madzi opopera mu nthunzi ochepetsa kutentha kwa supahita, onani ngati akutengedwa asanafike pa mita ya madzi kapena atadutsa, chifukwa akatengedwa asanafike pa mita ndi geti lina lomwe simunalembe. Mamita awiriwo akagwirizana koma kondensa ikulandirabe zochepa, yendani ndi paipi kuchokera pa boyila mpaka pa tabaini mukuyang'ana kanthambi kalikonse, kopita ku ejekita yochotsa mpweya mu kondensa, kopita ku zotsekera m'mbali mwa shafiti, kapena valavu ya dreni yomwe wina anatsegula poyatsa makina nkuiwala kutseka, muigwire ndi temomita kuseri kwake, ikakhala yotentha ndiye kuti nthunzi ikudutsa ndipo 5 kg/s yanu ija siyonse ikufika pa tabaini.